Mpunga wa ku Zomba uli m'nkhokwe ku Chipata: phindu lake ndi la ndani?

Januwale ku Zomba ndi mwezi wa mvula ndi nkhungu yotsika m'phiri, koma kwa ife ogwira ntchito ya maakaunti ndi mwezinso wotseka mabuku a chaka chatha. Tsiku lina m'mwezi woterewu bwana wa kampani ina yomwe ndinkaithandiza anandiitana mu ofesi mwawo, mapepala awiri ali patebulo. Lina linali la kampani ya kuno, lina la kampani yawo ya ku Zambia. Anali atawonkhetsa kale okha manambala a phindu ndi bolopeni kumbuyo kwa envulopu, ndipo funso lawo linali lalifupi: "Achimwene, ine ndapeza chakuti, inu mwandilembera chochepa. Ndalama zinazo zalowa kuti?"

Sizinalowe kulikonse. Sizinalipo n'kale. Koma kuti munthu akhutire ndi yankho limeneli, pamafunika kuyenda naye thumba ndi thumba, ndiye tiyeni titero. Manambala onse a chitsanzochi ndi ongoyerekeza, ndawasankha kuti masamu asavute.

Tili ndi kampani ku Zomba yomwe imagula mpunga kwa alimi a kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, n'kuupuntha ndi kuuika m'matumba. Kampaniyi inatsegula kampani ina ku Chipata yogulitsa mpungawo kumeneko. Ya ku Chipata si nthambi chabe: inalembetsedwa payokha pansi pa malamulo a Zambia, ili ndi mabuku ake, imalipira msonkho wake ku ZRA monga ya kuno imalipirira ku MRA. Tiitche ya ku Zomba kholo, ya ku Chipata mwana. Popeza kholo ndilo limalamulira mwana, lamulo la kalembedwe ka mabuku la IFRS 10 limafuna kuti pakhale mabuku achitatu, a banja lonse, olembedwa ngati kuti makampani awiriwa ndi munthu mmodzi. Ntchito imeneyi ndiyo timaitcha kuphatikiza mabuku, ena amangoti konsolideshoni. Ndipo munthu mmodzi sangadzigulitse katundu yekha, sangakhale ndi ngongole kwa iye mwini, sangapindule pochotsa ndalama m'thumba la kumanja kuika la kumanzere.

Pa 1 Novembala, Zomba inatumiza ku Chipata matumba 1,000. Thumba lililonse linaidyera K85,000 kugula, kupuntha ndi kulongedza, ndiye katundu yense ndi wa K85 miliyoni. Invoisi inalembedwa m'madola: $60 pa thumba, $60,000 yonse. Tsiku limenelo dola inali pa K1,700 ya kwathu ndi pa 25 kwacha ya Zambia. Pano pofunika kusamala, chifukwa ndalama zonse ziwiri dzina lake ndi kwacha, ndipo ndaonapo tsamba la Excel losokonekera chifukwa wina anangolemba K mbali zonse. Ine ya Zambia ndizilemba ZK. Zomba inalemba kuti yagulitsa katundu wa K102 miliyoni, phindu K17 miliyoni. Chipata inalemba kuti yagula sitoko ya ZK1,500,000 ndipo ili ndi ngongole ya ndalama zomwezo. ZK1 tsikulo inali K68.

Pofika pa 31 Disembala, Chipata inali itagulitsa matumba 600 kwa ogula akunja pa ZK2,000 lililonse, matumba 400 akadali m'nkhokwe. Inatumizanso $20,000 pa 30 Disembala, koma ndalamazo zinaoneka ku banki ya kuno pa 3 Januwale. Dola inali itafika pa K1,750 ndi pa ZK28, kutanthauza kuti ZK1 yatsika kufika pa K62.50.

Ntchito yoyamba, yomwe imadya nthawi kuposa zonse, ndi kugwirizanitsa ngongole. Mabuku a Zomba akuti Chipata ili ndi ngongole ya K105 miliyoni. Mabuku a Chipata akuti ngongoleyo ndi ZK1,120,000, yomwe tikaitembenuza pa K62.50 ikukwana K70 miliyoni. Pali mpata wa K35 miliyoni, ndipo simungafufute manambala awiri osafanana.

Cholakwa cha ambiri apa n'kuyamba kusakasaka K35 miliyoni m'makwacha. Bwererani ku ndalama yomwe invoisi inalembedwamo. Zomba ikuti $60,000, Chipata ikuti $40,000, ndipo $20,000 yotsalayo ikudzionetsa yokha kuti ndi ija inali pamsewu. Banja lonse likadali nazo ndalamazo, kungoti zachoka ku banki ina osafika ku inzake, choncho m'mabuku ophatikiza timaziika ngati ndalama za m'njira, K35 miliyoni, n'kuchepetsa ngongole ya mbali ya Zomba kufika pa K70 miliyoni. Tsopano mbali ziwirizo zafanana ndipo zimafufutana.

Kuyang'ana m'madola kumathandizanso kudziwa mtundu wa vuto. Ngati madola akusiyana, ndiye kuti pali chinthu chomwe mbali imodzi yalemba koma inzake ayi: ndalama za m'njira, katundu amene wadutsa pa Mchinji koma sanatsitsidwe, invoisi ya ndalama zoyendetsera kampani yomwe kholo linalemba osatumiza, kapena timadola tochepa tomwe mabanki adula pakati. Ngati madola akugwirizana koma makwacha akusiyana, vuto ndi mtengo wa dola. Tinene kuti wa maakaunti ku Chipata anaiwala kukonza ngongole yake pa mtengo wa tsiku lotseka, n'kuisiya pa 25. Idzaoneka ZK1,000,000, yomwe ndi K62.5 miliyoni, ndipo mudzasowa K7.5 miliyoni ngakhale nonse mukuvomerezana kuti ngongole ndi $40,000. Chimodzimodzi ngati Zomba yatenga mtengo wa banki ina, Chipata n'kutenga wa banki yake: mitengo itatuyo, dola ku kwacha yathu, dola ku ya Zambia, ndi ya Zambia ku yathu, iyenera kulumikizana. Ndicho chifukwa chake banja la makampani limatulutsa tebulo limodzi la mitengo kuchokera kulikulu, aliyense n'kugwiritsa lomwelo.

Ngongole yafufutika, koma yasiya chipsera, ndipo apa ndi pomwe ngakhale ena odziwa ntchito amaterereka. Dola itakwera kuchoka pa K1,700 kufika pa K1,750, Zomba inalemba phindu la K50 pa dola iliyonse, K3 miliyoni pa $60,000. Chipata nayo dola inaikwerera kuchoka pa 25 kufika pa 28, ndiye inaluza ZK3 pa dola, ZK180,000 yonse, tikatenga kuti $20,000 ija inaigula pa 28. Tikatembenuza pa avereji ya miyezi iwiriyo, tinene K65, kuluzako ndi K11.7 miliyoni. Munthu amaganiza kuti popeza ngongole inali ya m'nyumba, phindu ndi kuluza kwa pa ngongoleyo nazonso zifufutidwe. IAS 21, lamulo la ndalama zakunja, likukana. Manambala awiriwa amatsala m'mabuku a banja, ndipo banjalo laluza K8.7 miliyoni.

Chifukwa chake n'chogwirika. Kuti Chipata ilipire Zomba, iyenera kunyamula makwacha a Zambia kupita nawo ku banki, kukagula madola kwa munthu amene si wa m'banjamo, ndipo madolawo akafika kuno adzasinthidwanso. Ngongole ndi ya m'nyumba, koma msika wa ndalama si wa m'nyumba. Kuluzako n'kwenikweni, ndipo kukanachepa Chipata ikanalipira msanga.

Tsopano malonda. Tikangowonkhetsa mabuku awiriwa monga anachitira bwana aja pa envulopu, malonda akukwana K180 miliyoni: K102 miliyoni ya Zomba ndi K78 miliyoni ya Chipata, yomwe ndi ZK1,200,000 pa K65. Koma ogula akunja anapereka K78 miliyoni basi. K102 miliyoni imachotsedwa ku malonda, n'kuchotsedwanso ku mtengo wa katundu wogulitsidwa. Kuchotsa kumeneku pakokha sikusintha phindu ngakhale ndi tambala, kumangophwetsa manambala awiri otupa. Komabe si kachinthu kakang'ono: banki yokongoza ndalama ikaona K180 miliyoni iganiza kuti bizinesi ndi yaikulu kuwirikiza kawiri kuposa momwe ilili.

Palinso msampha wa mtengo wosinthira apa. Zomba inalemba K102 miliyoni pa mtengo wa tsiku la invoisi. Mukatembenuza ZK1,500,000 ya Chipata pa avereji ya K65, mupeza K97.5 miliyoni, ndipo K4.5 miliyoni idzalendewera popanda mwini. Mankhwala ake ndi kutembenuza malonda a m'nyumba pa mtengo wa tsiku lomwe anachitika, K68, mbali zonse ziwiri. IAS 21 imalola avereji pongofuna kupeputsa ntchito, ndipo imanena yokha kuti avereji siyenera pamene mitengo yadumphadumpha kwambiri. Amene tinatseka mabuku a 2023 tikukumbuka: mu Novembala chaka chimenecho Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Avereji ya chaka chonsecho inali kutali kwambiri ndi mtengo womwe anthu ankagulira dola kumapeto kwa chakacho. Pa chaka chotere mumatembenuza mwezi ndi mwezi, ndipo invoisi zikuluzikulu mumazitenga payokhapayokha.

Funso la bwana lija yankho lake lili pa matumba 400. Zomba inalemba phindu la K17,000 pa thumba lililonse la matumba 1,000. Pa 600 omwe anagulidwa ndi anthu akunja, phindulo lapsa, ndi lenileni. Pa 400 otsala, mpunga wangosamuka nkhokwe. Ukhoza kufumbwa, ukhoza kunyowa, mtengo ukhoza kugwa. Phindu la K6.8 miliyoni lomwe lili pa matumba amenewa ndi la papepala, ndipo labisala malo awiri: m'phindu la Zomba, komanso mu mtengo wa sitoko ya Chipata, yomwe inalembedwa pa mtengo wa invoisi osati pa zomwe banja linawonongadi. Timalichotsa malo onse awiri. Pa tsamba lophatikizira zimaoneka chonchi, manambala ali m'mamiliyoni:

```
Dr Revenue        102.0
  Cr Cost of sales  102.0
Dr Cost of sales    6.8
  Cr Inventory        6.8
```

Njira yodziwira kuti mwakhoza ndi yosavuta. Iwalani invoisi ya m'nyumba, mufunse kuti matumba 600 ogulitsidwawo banja linawapeza pa ndalama zingati. Ndi 600 kuchulukitsa ndi K85,000, K51 miliyoni. Tsopano yang'anani mabuku: Zomba ili ndi K85 miliyoni, Chipata ili ndi ZK900,000 yomwe pa K68 ndi K61.2 miliyoni, pamodzi K146.2 miliyoni. Chotsani 102, onjezani 6.8, mufika pa 51. Phindu la pa malonda la banja ndi K78 miliyoni kuchotsa K51 miliyoni, K27 miliyoni. Envulopu ya bwana inkati K33.8 miliyoni. Kusiyana kwake ndi matumba 400 aja, osaposera apo.

Kuti muwerengere zimenezi pamafunika zinthu ziwiri zomwe nthawi zambiri sizikhala pamalo amodzi. Zomba ndiyo imadziwa phindu lomwe inaika pa thumba, Chipata ndiyo imadziwa kuti atsala angati. Ngati Chipata imagulanso mpunga kwa amalonda ena n'kuusanjikiza pamulu umodzi, powerenga sitoko pa 31 Disembala pamafunika kupatula matumba ochokera ku Zomba. Mukapanda kuwauziratu owerengawo, mu Januwale palibe adzakumbukire. Ndipo ndalama ya lole ndi zolipira za pa chipata cha dziko zomwe Chipata inapereka kwa anthu akunja zimakhalabe mu mtengo wa sitoko, chifukwa zimenezo banja linawonongadi. Chochotsedwa ndi phindu la m'nyumba lokha.

Kanthu kena kobisika ndi mtengo wosinthira phindu la papepalalo. Sitoko ya Chipata ndi ZK600,000, ndipo monga katundu wina aliyense wa mwana wakunja imatembenuzidwa pa mtengo wa tsiku lotseka, K62.50, kukhala K37.5 miliyoni. Ena amangochotsapo K6.8 miliyoni n'kutsala ndi K30.7 miliyoni. Ena amati phindulo lili m'kati mwa nambala ya ZK, ndipo pa K68 linali ZK100,000, choncho pa tsiku lotseka ndi K6.25 miliyoni, sitoko imatsala K31.25 miliyoni, ndipo K550,000 yosiyanayo imapita ku rizevu ya kutembenuza ndalama. Ine ndimakonda njira yachiwiri, chifukwa imachotsa phindulo pa mtengo womwewo umene tatembenuzira sitokoyo. Koma njira iliyonse mwasankha, ilembedwe m'malamulo a banjalo ndipo isasinthe chaka ndi chaka, apo ayi maodita adzakufunsani chomwe mukubisa.

Rizevu ndatchulayi ndiyo malo oopsa kwambiri m'mabuku ophatikiza. Imabadwa chifukwa chuma cha mwana chimatembenuzidwa pa mtengo wa tsiku lotseka, pamene chiyambi chake chinatembenuzidwa pa mtengo wa chaka chatha ndipo phindu la chaka chino pa avereji. Kusiyana kumeneku sikudutsa m'phindu, kumakaunjikana pambali mpaka tsiku lomwe mwanayo adzagulitsidwe. Vuto n'lakuti pamene balansi shiti yakana kugwirizana ndipo usiku wapita, dzanja limayabwa kuti chotsalacho uchiponye mu rizevu, poti kumeneko anthu sayang'anako kawirikawiri. Inenso ndinachitapo ndili wamng'ono pa ntchito, ndipo chaka chotsatira tinapeza kuti inali invoisi yolembedwa kawiri. Rizevu imawerengeka payokha: tengani chuma chomwe mwana anayamba nacho chaka, chulukitsani ndi kusiyana kwa mtengo wotsekera chaka chatha ndi wa chaka chino, onjezani phindu la chaka kuchulukitsa ndi kusiyana kwa avereji ndi mtengo wotsekera, n'kukonzanso pa madividendi ndi ndalama zatsopano zolowetsedwa. Nambala ya pa tsamba lanu ikasiyana ndi imeneyi, muli chinyalala m'katimo.

A msonkho satsata mabuku a banja. MRA imayang'ana Zomba payokha, ndipo Zomba inapindula K17 miliyoni. Pa 30 peresenti imeneyo ndi K5.1 miliyoni, kuphatikizapo msonkho wa matumba omwe sanagulitsidwe. Kuti msonkho uyendere limodzi ndi phindu, IAS 12, lamulo la msonkho wa pa phindu, imatiuza kulemba msonkho wodikira ngati chuma pa K6.8 miliyoni ija. Chodabwitsa ambiri n'chakuti timagwiritsa peresenti ya dziko la wogula, Zambia, osati ya Malawi, chifukwa kumeneko ndi komwe mtengo wokwerawo udzachepetse msonkho mpunga ukadzagulitsidwa. Ikakhala 30 peresenti, ndi K2.04 miliyoni.

Ndipo $60 ija, yomwe m'mabuku ophatikiza yasowa ngati sinalipo, kwa a msonkho ndiyo nkhani yonse. Mukaikweza kufika $70, phindu limasamukira ku Malawi ndipo ZRA idzafunsa. Mukaitsitsa kufika $52, limasamukira ku Zambia ndipo MRA idzafunsa. Onse awiri amafuna mtengo womwe makampani osadziwana akanagwirizana, ndi mapepala osonyeza momwe munaufikira. Phindu la banja pa katundu wogulitsidwa kunja silisintha ndi mtengo umenewu, koma msonkho wa banja umasintha.

Chipata ikadakhala kuti 20 peresenti ya masheya ake ndi a munthu wina wa ku Zambia, K6.8 miliyoni ikanachotsedwabe yonse, osati magawo 80 okha. Funso likanakhala loti imuwawe ndani. Kawirikawiri imatsata wogulitsa: pano wogulitsa ndi kholo, ndiye eni kholo amaisenza okha. Chipata ikadagulitsa ku Zomba, tinene feteleza kapena matumba opanda kanthu, phindu la papepala likanakhala m'mabuku a Chipata, ndipo mnzathu wa 20 peresentiyo akanasenzako gawo lake.

Pali njira imodzi yomwe kusintha kwa dola pa ngongole ya m'nyumba kumachoka m'phindu la banja. Ngati kholo linakongoza mwana ndalama zomwe palibe dongosolo lobweza ndipo sizikuoneka kuti zidzabwezedwa posachedwa, IAS 21 imaziona ngati gawo la ndalama zomwe kholo linaika mwa mwanayo, ndipo m'mabuku ophatikiza kusinthako kumapita ku rizevu. Mabwana akangomva zimenezi amafuna kuti ngongole iliyonse ilowe m'menemo. Ngongole ya mpunga siingalowe: lamulolo limapatula ngongole za malonda, ndipo simunganene kuti palibe dongosolo lobweza pamene Chipata yatumiza kale $20,000.

Chaka chatsopano chikayamba, zofufuta zonsezi sizipezeka mu leja ya Zomba kapena ya Chipata. Zimakhala pa tsamba lophatikizira lokha. Mabuku a Zomba amayamba chaka ali ndi K17 miliyoni yonse m'phindu losungidwa, a Chipata ali ndi sitoko ya ZK600,000. Choncho chaka chotsatira muyenera kubwereza ndi dzanja: kuchotsa K6.8 miliyoni m'phindu losungidwa la poyambira, n'kuichotsanso ku mtengo wa katundu wogulitsidwa matumba 400 aja akagulidwa, kuti phindulo lionekere m'chaka chomwe lapsa. Mukaiwala, phindu losungidwa loyambira chaka chino lidzaposa lotsekera chaka chatha ndi K6.8 miliyoni kuchotsapo msonkho wodikira, K4.76 miliyoni, ndipo imeneyi ndiyo nambala yoyamba yomwe odita amaiyang'ana asanakhale n'komwe pansi.

Bwana aja anamvetsera mpaka apa, anatembenuza envulopu yawo kawiri, n'kufunsa ngati phindu lingabwerere Chipata itagulitsa matumba 400 sabata yomweyo. Ndinawauza kuti libwerera lonse, koma m'mabuku a chaka chatsopanocho, osati a chaka chomwe tinkatseka. Anatola foni n'kuimbira ku Chipata kufunsa kuti atsala angati m'nkhokwe.